Lolemba analipo 14, Lachinayi alipo 15

Mlembi wa kagulu kathu kobwereketsana ndalama anakonza masilaidi a msonkhano wa pachaka mu PowerPoint, n'kutumizira wapampando Lolemba. Fayilo inabwerera Lachinayi ndi uthenga wa mawu atatu: "Ndakonzako pang'ono chabe." Inapita ndi masilaidi 14, inabwera ndi 15. Mlembi anati ndiye kuti awonjezera imodzi basi. Ine ndinakayika, chifukwa 15 angatulukenso munthu atawonjezera awiri n'kuchotsa imodzi. Ndipo n'zimene zinachitikadi.

Cholakwika chimene ambiri amachita n'kufananiza silaidi 5 ya fayilo yakale ndi silaidi 5 ya yatsopano. Munthu akalowetsa silaidi imodzi pakati, onse a m'munsi mwake amasuntha, ndiye chilichonse chimaoneka ngati chasintha pamene sichinakhudzidwe n'komwe. Nambala ya silaidi ili ngati malo a munthu pamzere wa kuchigayo: wina akalowerera kutsogolo, amene anali wachisanu amakhala wachisanu ndi chimodzi, koma thumba la chimanga n'lomwe lija. Choncho silaidi muziizindikira ndi mutu wake.

Tinatsegula mafayilo onse awiri, kudina View kenako Arrange All kuti akhale moyandikana, ndipo iliyonse tinaiika pa Slide Sorter, pamene masilaidi onse amaoneka ngati timakadi. Papepala tinalemba mitu ya fayilo yakale kumanzere, ya yatsopano kumanja, n'kumalumikiza yofanana ndi mzere. Mutu wotsala wopanda mnzake kumanja ndiye wowonjezedwa: inalipo iwiri, wa malamulo atsopano ndi wa mayina a komiti. Wotsala kumanzere ndiye wochotsedwa: wa anthu amene sanabweze ngongole. Mizere iwiri inapingasana, kusonyeza kuti silaidi ina yangosunthidwa malo.

Apa pali kasamu kotsimikizira. Pa 14 chotsani 1, wonjezani 2, mupeze 15. Zikapanda kugwirizana, pali mutu umene mwaulumpha. Chenjeraninso ndi mutu wosinthidwa mawu. "Ndalama zolowa" utasanduka "Zopereka za mamembala" ungakunamizeni kuti silaidi ina yachotsedwa ina yabwera, pamene ndi imodzi yomweyo. Yang'anani zamkati musanaweruze.

Ntchito yeniyeni inali pa masilaidi 13 opezeka mbali zonse. Maso amanama pamenepa, makamaka pa manambala. Kale PowerPoint inali ndi batani la Compare pansi pa Review, ndipo amene ali ndi ya 2016 kapena 2019 pa Windows alipezabe, koma mu 2025 a Microsoft anayamba kulichotsa mu Microsoft 365. Pakompyuta ya mlembi panalibe. Tinadzera njira ina: fayilo iliyonse tinaisunga ndi Save As posankha Outline/RTF, kenako mu Word tinapita pa Review, Compare, n'kuika yakale pa Original document, yatsopano pa Revised document. Mukazitembenuza, zowonjezedwa zidzaoneka ngati zochotsedwa. Word inadula ndi mzere mawu ochotsedwa, inatseka mzere kunsi kwa atsopano, ndipo tinaona kuti tsiku la msonkhano lasintha ndiponso chiganizo chimodzi chafewetsedwa.

Tikanalekera pomwepo tikanachita manyazi pagulu. Outline/RTF imatenga mitu ndi mawu a m'bokosi lalikulu la silaidi okha. Matebulo, zithunzi, machati, mawu a m'timabokosi towonjezera pamanja, ndi zolemba za wolankhula za pa Notes, zonsezi imazisiya. Masilaidi anayi amene anali ndi matebulo tinawawerenga awiriwiri, wina akutchula mokweza za m'fayilo yakale, wina akulondola ndi chala pa yatsopano. Pa tebulo lachitatu, K4,500,000 inali itasanduka K5,400,000. Manambala ndi omwewo, angosinthana malo, ndipo tonse tinali titayang'anapo kawiri osaona kanthu. Chomwe chinatsimikiza kuti ndi chala chinaterereka n'chakuti chiwonkhetso cha pansi sichinasinthe, ndipo chinkagwirizana ndi nambala yakale.

Panalinso silaidi ina yooneka yozimiririka pa Slide Sorter, nambala yake yodulidwa ndi kamzere. Imeneyo inabisidwa ndi Hide Slide. M'fayilo ilimo, powerenga imawerengedwa, koma pa pulojekita siituluka. Kwa anthu a m'holo ndi chimodzimodzi kuti yachotsedwa, ndiye ndimaiika pa mndandanda wa zosintha.

Kwa wapampando tinatumiza mizere yochepa. Zowonjezedwa ziwiri, chochotsedwa chimodzi, chosunthidwa chimodzi, chobisidwa chimodzi, ndi zosinthidwa zitatu, chilichonse ndi mawu akale pambali pa atsopano, komanso nambala ya silaidi m'mafayilo onse awiri. Za K5,400,000 anayankha msanga kuti tibwezeretse. Za silaidi ya ngongole anati tikakambirana pamaso.