Rauta ikakana mnzake: pamene yaimira ndi pamene pali vuto

Kampani ikakhala ndi nthambi zingapo, makompyuta ake amalumikizana kudzera mu timakina totchedwa marauta, tomwe ntchito yake ndi kusankha njira yoti uthenga udzere. Marauta ambiri sachita kuuzidwa njira iliyonse ndi munthu. Amauzana okha potsata malamulo otchedwa OSPF, omwe mtundu wake wachiwiri unalembedwa mu chikalata cha RFC 2328 m'chaka cha 1998. Koma asanayambe kuuzana njira, marauta awiri oyandikana amayenera kugwirizana kaye. Mgwirizanowu ukaima panjira, kebulo imakhala yabwinobwino, nyali zikuyaka, koma anthu a kunthambi sangathe kufikira makompyuta a kulikulu.

Amisiri ambiri akaona zimenezi amathamangira kuzimitsa ndi kuyatsanso makina. Ndimaona kuti kumeneku ndi kutaya nthawi, chifukwa rauta imanena yokha pamene yaimira, ndipo malo amenewo ndi amene amaloza vuto. Pa marauta a Cisco munthu amalemba:

```
show ip ospf neighbor
```

Mgwirizano umayenda m'masitepe omwe amaoneka pa sikirini: Init, 2-Way, ExStart, Exchange, Loading, kenako Full, kutanthauza kuti onse awiri ali ndi mapu ofanana a dera lawo. Masitepe awiri oyamba ndi a malonje. Rauta iliyonse imatumiza kauthenga kotchedwa Hello pa masekondi 10 aliwonse, ndipo ikapanda kumva mnzake kwa masekondi 40 imamuwerengera kuti palibe. M'kauthengako muli nambala ya dera lomwe rautayo yaikidwa komanso nthawi ziwiri zija.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachizindikira msanga. Dera kapena nthawi zikasiyana, mnzakeyo saoneka n'komwe pa mndandanda. Rauta imalandira Hello, n'kuona kuti wina akuti dera 0 pomwe iyo ili m'dera 1, kapena kuti wina akulonjera pa masekondi 5 iyo ikudikira 10, basi n'kungoitaya. Choncho mndandanda ukakhala wopanda kanthu pomwe `ping` ikudutsa, lembani `show ip ospf interface` mbali zonse ziwiri ndi kufananiza mizere iyi:

```
Internet Address 10.0.12.1/30, Area 0
Timer intervals configured, Hello 10, Dead 40
```

Manambala a dera, Hello ndi Dead ayenera kufanana ndendende. Pa kebulo ya Ethernet, /30 ija nayonso ifanane. Mukapeza Hello 30 ndi Dead 120 mbali imodzi, musathamangire kusintha manambalawo: nthawi zambiri n'chizindikiro chakuti mbali imeneyo inaikidwa pa mtundu wina wa netiweki, monga `non-broadcast`, ndipo chofunika kukonza ndi mtunduwo.

Mnzake akaoneka koma n'kuima pa Init, ndiye kuti inu mukumumva koma iye sakukumvani; funani chomwe chikutchinga mauthenga opita ku 224.0.0.5. Za 2-Way musade nazo nkhawa msanga. Marauta ambiri akakhala pa suwichi imodzi, amasankha mtsogoleri ndi wachiwiri wake, DR ndi BDR, ndipo ena onsewo amakhala pa 2-Way pakati pawo mwadala.

Vuto lomwe limazunguza mutu kwambiri ndi la ExStart. Tiyerekeze kuti kulikulu aika rauta yatsopano, 10.0.12.1, yomwe khomo lake linakonzedwa kuti lizinyamula mapaketi akuluakulu a mabayiti 9000. Ya kunthambi, 10.0.12.2, ili pa muyeso wa masiku onse wa Ethernet, mabayiti 1500. Muyeso umenewu, wa paketi yaikulu kwambiri yomwe khomo lingatumize yosaduliridwa, ndiwo MTU. Malonje ayenda bwino, popeza Hello ndi yaing'ono ndipo sanena kanthu za MTU. Dera n'limodzi, nthawi n'zofanana, `ping` ikuyankha. Koma mndandanda wa kunthambi ukuonetsa `EXSTART`, ndipo pakapita kanthawi pamatuluka uthenga wakuti `Too many retransmissions`, mgwirizano n'kugwa, n'kuyambiranso, n'kudzaimanso pomwe paja.

Chimene chikuchitika ndi ichi. Pa ExStart marauta amayamba kutumizirana mapaketi ofotokoza mwachidule mapu omwe aliyense ali nawo, otchedwa DBD, ndipo m'paketi iliyonse wotumiza amalembamo MTU yake. Lamulo likuti rauta ikalandira DBD yonena MTU yoposa yake, iikane. Ya kunthambi ikawerenga 9000 imataya paketiyo osayankha, ngakhale paketi yeniyeniyo ili yaing'ono. Zili ngati mlatho wolembedwa matani 10 pomwe wapachipata akubweza lole chifukwa cha matani 30 olembedwa pa chitseko chake, osayang'ana n'komwe ngati yanyamula katundu. Ya kulikulu ilibe chokanira, chifukwa 1500 ndi yochepa kwa iyo, motero nthawi zina imaonetsa `EXCHANGE` mnzake ali pa `EXSTART`. Mbali ziwirizo zikamaonetsa masitepe osiyana chonchi, kaikirani MTU musanakaikire china chilichonse.

Kutsimikiza kwake sikutenga nthawi:

```
show ip interface GigabitEthernet0/0 | include MTU
ping 10.0.12.2 size 1500 df-bit
ping 10.0.12.2 size 9000 df-bit
```

Mzere woyamba ulembedwe mbali zonse ziwiri. Mawu akuti `df-bit` amaletsa paketi kuduliridwa panjira, choncho kuchokera kulikulu ya 1500 idutsa, ya 9000 ikanika. Wofuna kumva kuchokera kwa rauta yeniyeniyo angalembe `debug ip ospf adj` kunthambi, ndipo aona ikudandaula kuti mnzake ali ndi MTU yokulirapo. Azimitse msanga ndi `undebug all`, chifukwa pa rauta yotanganidwa mauthengawa amalemetsa makina. Kukonza kwake ndi mzere umodzi pa khomo la kulikulu, `ip mtu 1500`, ndipo posakhalitsa mndandanda umaonetsa `FULL`.

Pali njira yachidule imene ndimaletsa anzanga pantchito, `ip ospf mtu-ignore`. Lamuloli limauza rauta kuti isayang'anenso nambala ija. Mgwirizano umafikadi pa Full, aliyense n'kupita kwawo. Koma kusiyana kwa miyeso kukadalipo. Mapu akadzakula, ya kulikulu idzalongedza uthenga wa njira m'paketi yoposa mabayiti 1500, ya kunthambi sidzailandira, ndipo mgwirizano udzayamba kugwa ndi kudzuka miyezi itapita, palibenso wokumbukira chimene chinasinthidwa. Lili ndi malo ake, pamene makina a makampani awiri amawerenga MTU mosiyana pang'ono koma njira yeniyeniyo imanyamula mapaketi onse. Zimenezo zitsimikizidwe ndi `ping` kaye.

Zimachitikanso kuti marauta onse awiri akunena 1500 koma mgwirizano n'kuimabe pa Exchange kapena Loading. Pamenepo vuto lili pakati, pa suwichi kapena pa chingwe chobwereka kwa kampani ya mafoni chomwe chikunyamula zochepera 1500. Nambala za mu DBD zikugwirizana, koma mapaketi odzaza akufera panjira. Tsitsani `size` pang'onopang'ono, 1500, 1480, 1460, mpaka mupeze pamene `ping` yayamba kudutsa. Muyeso weniweni wa njirayo uli pamenepo kapena pamwamba pake pang'ono. Mukatero muli ndi zosankha ziwiri: kupempha eni chingwe akweze muyeso wawo, kapena kuika nambala mwapezayo pa `ip mtu` ya marauta onse awiri. Mukasankha yachiwiri, lembani chifukwa chake pa `description` ya khomolo, kuti mmisiri wodzabwera pambuyo panu asadzaibwezere pa 1500.