Buledi angati kuti lendi ituluke?

Madzulo aliwonse eni mabizinesi ang'onoang'ono amakhuthulira ndalama za tsikulo pa tebulo, n'kumaziwongola imodziimodzi, za K5,000 pazokha, za K1,000 pazokha. Mulu ukakula, mtima umakhala pansi. Koma pa 30 mwininyumba akagogoda, wantchito akayima pakhomo kudikira yake, ndalama zija sizikwana, ndipo munthu amayamba kuganizira wantchito kuti akumubera. Nthawi zambiri palibe amene waba. Katundu amene wagulitsidwa mweziwo sanafike pa nambala imene bizinesi imasiya kuluza n'kuyamba kupindula. Nambala imeneyi tiitche malire. Aliyense wodziwa kuchotsera ndi kugawa angathe kuipeza, ndipo amene ali ndi kompyuta angathe kuitsimikizira ndi chida cha mu Excel chotchedwa Goal Seek.

Tiyerekeze mayi amene watsegula bekale yaing'ono pa msika wa pa boma, ndipo amaphika buledi wa mtundu umodzi. Mitengo imene ndigwiritse ntchito ndi yachitsanzo chabe. Inu muikepo yanu ya lero.

Ntchito yoyamba, imenenso ndi yovuta kuposa zonse, ndi kugawa ndalama zotuluka m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la ndalama zokhazikika, zimene mayiyu amalipira ngakhale uvuni utakhala wozizira mwezi wonse. Lendi ndi K120,000. Mnyamata wokanda ufa amalandira K150,000. Gawo lawo la malipiro a mlonda ndi K40,000. Ngongole imene anagulira uvuni amabweza K100,000 pa mwezi. Madzi ndi magetsi owunikira amadya K30,000. Palinso layisensi ya ku khonsolo, tinene K120,000 pa chaka, imene ambiri amaiwala chifukwa imalipidwa kamodzi, koma mukaigawa pa miyezi 12 ndi K10,000 mwezi uliwonse. Zonse pamodzi ndi K450,000.

Owerengera ndalama a m'makampani sawerengera ngongole yonse yobwezedwa. Iwo amatenga chiwongoladzanja chokha ndi kutha kwa uvuniyo chaka ndi chaka. Kwa mayi amene funso lake ndi lakuti kodi ndalama za m'manja zikwana pa 30, ine ndimaona kuti n'kwanzeru kuika yonse, chifukwa wobwereketsayo adzafuna yonse.

Gulu lachiwiri ndi la ndalama zoyenda ndi katundu: mukaphika zambiri zimakwera, mukapanda kuphika sizituluka. Izi timaziwerengera pa buledi mmodzi. Thumba la ufa wa tirigu la makilogalamu 50 tinene ndi K120,000, ndipo mayiyu amatulutsamo buledi 100, ndiye kuti ufa wa buledi mmodzi ndi K1,200. Shuga, yisiti, mchere ndi mafuta zimakwana K350. Nkhuni za mu uvuni ndi K200, pepala lokulungira ndi K50, ndipo wa njinga wokasiya buledi m'magolosale amatenga K100 pa buledi aliyense. Buledi mmodzi amadya K1,900 asanafike kwa wogula.

Taonani anthu awiri aja. Wokanda ufa ali m'gulu loyamba chifukwa amalandira pa mwezi, pamene wa njinga ali m'gulu lachiwiri chifukwa amalipidwa pa buledi. Chimene chimaika ndalama m'gulu ndi funso limodzi: nditaphika buledi mmodzi woonjezera, kodi ndalama imeneyi ikwera? Nambala ya buledi 100 pa thumba nayonso musaitenge kwa mnzanu. Werengani nokha matumba atatu otsatizana, kuphatikizapo opserera, chifukwa ngati thumba lanu limatulutsa 92 ogulitsika, masamu onse otsatirawa asintha.

Buledi akugulitsidwa K2,500. Tikachotsa K1,900, patsala K600. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Amati, “Ndimapindula K600 pa buledi,” n'kuyamba kuidya. K600 imeneyi si phindu ayi. Ndi chopereka cha buledi aliyense ku mulu wa K450,000 uja, ngati mmene anthu amasonkhera pa maliro mpaka bokosi litagulidwa. Buledi woyamba wa mwezi amaponya K600, wachiwiri K600, mpaka muluwo utakwana. Funso ndi lakuti afunika osonkha angati.

Gawani K450,000 ndi K600, mupeza 750. Amenewo ndiye malire. Tiyeni titsimikize: buledi 750 pa K2,500 amabweretsa K1,875,000. Kuwaphika kumadya K1,425,000. Yotsala ndi K450,000, imene ikupita yonse ku lendi, malipiro ndi zina zija. Mayiyu wagwira pafupifupi mamiliyoni awiri m'manja mwake mwezi umenewo, koma sanatsale ndi tambala. Buledi wa nambala 751 ndiye woyamba kuwapatsa K600 yawoyawo. Ngati amatsegula masiku 26 pa mwezi, ayenera kugulitsa buledi 29 pa tsiku kuti angofika pa malirewo. Nambala ya tsiku imeneyi ndi yoyenera kuilemba ndi choko pakhoma la bekale.

Tsopano ku kompyuta. Tsegulani Excel, mulembe mayina mu mzere wa A ndi manambala mu mzere wa B. Mu kabokosi B1 lembani 450000, mu B2 lembani 2500, mu B3 lembani 1900, ndipo mu B4 muike nambala iliyonse ya buledi, tinene 500. Musalembe chilembo K patsogolo pa nambala, chifukwa Excel idzaziona ngati mawu, n'kukupatsani `#VALUE!` m'malo mwa yankho. Mu B5 mulembe fomula ya phindu:

```
=B4*B2-B4*B3-B1
```

Fomulayi ikunena kuti ndalama zolowa, kuchotsa zophikira, kuchotsanso zokhazikika. Pa buledi 500 ionetsa -150000, kutanthauza kuti mwezi umenewo mayi aluza K150,000. Mukhoza kumasintha B4 ndi manja, 600, 700, 800, mpaka B5 itafika pa ziro. Goal Seek imachita zomwezo, koma mwachangu. Pitani pa Data, kenako What-If Analysis, kenako Goal Seek. Patuluka kawindo ka mizere itatu:

```
Set cell:          B5
To value:          0
By changing cell:  B4
```

Apa mukuuza kompyuta kuti isinthesinthe nambala ya buledi mpaka phindu likhale ziro. Dinani OK, ndipo B4 isanduka 750, chimodzimodzi ndi zimene tinapeza pa pepala. Amene mumagwiritsa ntchito LibreOffice Calc, pulogalamu yaulere ija, chida chomwechi chili pansi pa Tools, ndipo mizere yake imatchedwa Formula cell, Target value ndi Variable cell.

Kufanana kwa mayankho awiriwa kuli ndi phindu chifukwa afika pa 750 kudzera njira zosiyana. Pa pepala tinagawa, pamene kompyuta inayesa manambala pa fomula ya phindu mpaka itapeza wokwana. Akasiyana, penapake mwalakwitsa, ndipo kawirikawiri mupeza kuti fomula ikuloza kabokosi kolakwika kapena mwasiya ziro mmodzi polemba. Koma kufananako kukungotsimikizira masamu. Ngati munaiwala layisensi, pepala ndi kompyuta zigwirizana bwinobwino pa yankho lolakwika.

Chidachi chili ndi khalidwe lake lofunika kulidziwa. Kabokosi ka Set cell kayenera kukhala ndi fomula, ndipo ka By changing cell kayenera kukhala ndi nambala wamba; mukasemphanitsa, Excel ikana. Mukadina OK pa yankho, nambala yakale ya mu B4 imafufutika, choncho ngati mumaifuna dinani Cancel. Yankholo silisintha lokha mukasintha mtengo mawa, muyenera kubwereza. Komanso kompyuta sidziwa kuti buledi sagulitsidwa chidutswa. Lendi itakwera ndi K10,000, yankho likhala 766.67, ndipo inu mukweze kufika pa 767, osatsitsa, chifukwa pa 766 mukadali oluza. Choopsa kwambiri n'chakuti mtengo wogulitsira ukakhala pansi pa ndalama zophikira, yankho limatuluka la mainasi. Ikani 1800 mu B2 muone: mupeza -4500. Nambala yotere ikukuuzani kuti malire kulibe, buledi aliyense amene mwagulitsa akukulitsa dzenje, ndipo kuphika ambiri kungofulumizitsa kugwa.

Pamene chidachi chimandisangalatsa kwambiri ndi pa mafunso a “nanga zitati”. Thumba la ufa likwere kuchoka pa K120,000 kufika pa K135,000. Pa buledi mmodzi ndi K150 yokha, ndipo mayi angaganize kuti ndi yochepa, osakweza mtengo poopa kuthamangitsa makasitomala. Bwezerani 2500 mu B2, sinthani B3 ikhale 2050, mubwereze Goal Seek. Malire achoka pa 750 kufika pa 1,000. Chifukwa chake n'chakuti K150 ija sinachoke pa K2,500, yachoka pa K600 ya chopereka, imene tsopano yatsala K450. Ayenera kupeza ogula buledi ena 250 mwezi uliwonse kuti angokhala pomwe anali. Kutsitsa mtengo pofuna kulanda makasitomala a mnzanu kumaluma chimodzimodzi: ufa uli pa mtengo wakale, mukachotsa K100 pa buledi, malire amafika pa 900.

Funso lingathenso kutembenuzidwa. Tinene kuti msika wa pa bomapo ndi waung'ono, ndipo mayi akudziwa kuti sangapitirire buledi 600 pa mwezi. Bwezerani 1900 mu B3, lembani 600 mu B4, ndipo pa By changing cell muike B2. Yankho ndi 2650. Ngati buledi wa bekale yaikulu wobwera pa galimoto akugulitsidwa motsika kuposa pamenepo, mayi adziwiratu kuti chofunika kusintha ndi lendi kapena kogula ufa, asanasaine kalata ya nyumba. Ndipo poti palibe amene amadzuka 3 koloko m'mawa kukoleza uvuni kuti angofika pa ziro, pa To value mungaike ndalama imene mukufuna kupita nayo kunyumba. Pa mitengo yathu yoyamba, phindu la K150,000 likufuna buledi 1,000.

Mawu omaliza akhale pa liwu lakuti “kugulitsa”. Masamu onsewa akuwerengera buledi amene wagulidwa ndipo ndalama yake yalowa. Amene wagona n'kuuma, amene ana adyera tiyi, ndi amene wagolosale watenga kuti “ndikupatsani Lachisanu”, onsewo adya K1,900 koma sanaponye kanthu pa mulu. Buledi mmodzi wotayika amafafaniza chopereka cha buledi atatu ogulitsidwa, n'kupitirirako pang'ono. Choncho m'kope lanu mukhale mizere iwiri, wa ophikidwa ndi wa olipiridwa, ndipo poyerekeza ndi malire anu muziyang'ana wachiwiriwo.