Moni wa pa Siteji: Kuyamba Kucheza ndi Munthu Wosamdziŵa

Aliyense amene anadikirapo galimoto pa Kapondo akudziŵa kutalika kwa nthaŵi ya pa siteji. Anthu amakhala pamthunzi umodzi, maso onse ali kumsewu, ndipo mtima umafuna wocheza naye. Koma funso loyamba likalakwika, mnzathu amatseka pakamwa kufikira galimoto itafika.

Ine ndinaphunzira zimenezi mwamanyazi. Tsiku lina m'nyengo yokolola ndinapeza bambo wamsinkhu wanga atakhalira matumba aŵiri. Nditangopereka moni ndinati, "Kodi m'matumbamu muli chiyani, ndipo mukupita nawo kuti?" Iwo anayankha kuti, "Ndi katundu basi," nasuntha kukakhala patali. Ndinalingalira pambuyo pake kuti mafunso anga anali omwe aja amafunsa apolisi pa msewu ndi a kasitomu pa chipata cha Mwami. M'boma lathu la Mchinji, kumene chimanga, fetereza ndi nsalu zimaoloka malire a Zambia tsiku ndi tsiku, munthu wofunsa za katundu wa mnzake amaoneka ngati kazitape, ngakhale katunduyo akhale mtedza wopita kwa apongozi.

Choyamba ndi moni wathunthu, wopanda funso lina kumbuyo kwake. Munene "Zikomo" musanakhale pansi, musiye mpata pakati panu, kenaka mufunse kuti "Mwadzuka bwanji, bambo?" kapena "Mwaswera bwanji, mayi?" Mwa kuyankha kwake mudzamva zambiri. Akati "Ndachoma bwino," mwadziŵa kuti ndi wa cha ku Chipata, ndipo simufunikanso kumfunsa kwawo. Chachikulu n'chakuti mumve ngati wabweza moni. Munthu amene wati "Kaya inu?" watsegula khomo pang'ono. Amene wangoti "Ndili bwino" n'kuyang'ana kumbali wapempha mtendere, ndipo tiyenera kumpatsa.

Moni ukatha, lankhulani za chinthu chimene nonse mukuchiona: kuchedwa kwa minibasi, fumbi, mitambo ya mvula. Funso lakuti "Kodi yopita ku Boma yadutsa kale?" n'labwino chifukwa limamuika mnzathu pamalo a wothandiza, ndipo silimkakamiza kuulula kanthu ka moyo wake. Pambuyo pake perekani zanu poyamba. Mukati "Ine ndikupita ku Boma kukaona mwana," mwampatsa ufulu wakunena za ulendo wake kapena wakungovomera chabe. Ana anga a sukulu ndimaŵauza kuti wofuna kudziŵa dzina la mnzake ayambe watchula lake.

Makolo athu anali ndi njira ina imene achinyamata ambiri aiŵala, ndiyo kufunsa chiwongo. Funso lakuti "Kodi tikuitaneni kuti ndani?" silikhumudwitsa, pakuti munthu amayankha ndi dzina limene amanyadira: Banda, Phiri, Mbewe, Mwale, kapena Jere ndi Zulu mwa Angoni. Mayi adzati ndi Nabanda kapena Naphiri. Ziwongo zimenezi zili mbali zonse ziŵiri za malire, motero si zachilendo kuti Phiri wa kuno ndi Phiri wa kwa Mpezeni ayambe kuitanana achimwene galimoto isanafike. Koma funsoli lidze kucheza kutayamba kale, ndipo limakoma likachokera kwa wamkulu. Mnyamata adikire kuti agogo amfunse.

Pa benchi ya kuchipatala pamafunika kusamala koposa. Kale tinkafunsa momasuka kuti "Chavuta n'chiyani?" Masiku ano pa mzere umodzi pamakhala wodwala malungo, wodzalandira mankhwala a ma ARV, ndi mtsikana wapakati amene kwawo sanadziŵe. Funso limeneli limamkakamiza munthu kusankha pakati pa kunama ndi kuulula chinsinsi pamaso pa anthu. Ndi bwino kunena kuti "Pepani ndi kudikira," kapena kumsungira malo mayi amene wapita kukamwetsa mwana madzi. Musasuzumire m'buku lake lachipatala. Wofuna kufotokoza za matenda ake adzayamba yekha, ndipo kaŵirikaŵiri amatero akaona kuti simunamfunse.

Kwa inu anyamata ndinene mosabisa. Mtsikana amene ali yekha pa siteji alibe kothaŵira kufikira galimoto itabwera. Mpatseni moni monga mupatsira ena onse, mokweza kuti anthu amve, ndipo musasunthire pafupi kapena kupempha nambala ya foni. Akayankha mwachidule kaŵiri, akatulutsa foni, kapena akakumbatira chikwama chake, kucheza kwatha. Palibe chifukwa chokwiyira kapena kunena kuti ndi wonyada.

Bambo a matumba aja ndinakumana nawonso miyezi ingapo itapita, pamthunzi womwewo. Ndinangopereka moni ndi kudandaula za kuchedwa kwa mvula. Tisanafike pa Kamwendo anali atandiuza okha kuti ndi a Mwale, ndi kuti matumba aja anali a chimanga cha pa maliro a mlongo wawo.