Lamulo Lopambana pa Mitengo Yakale ya Masheya: Luso Kapena Mwayi?

Ogula ndi kugulitsa masheya ali ndi lamulo lina lomwe aliyense wodziwa kuwonkhetsa angathe kulitsata. Mumatenga mitengo yotsekera msika ya masiku 50 apitawa, n'kupeza avareji yake. Mawa mumataya tsiku lakale kwambiri, n'kuika latsopano. Iyi ndiyo avareji yoyenda. Mumachita chimodzimodzi ndi masiku 200. Ya masiku 50 ikakwera kudutsa ya masiku 200, mumagula. Ikatsika pansi pake, mumagulitsa.

Musanaikepo ndalama, mumayamba mwaliyesa lamuloli pa mitengo yakale kuti muone chomwe chikanachitika. Mu Excel, mitengo ikakhala mu danga B, avareji yoyamba imatuluka ndi `=AVERAGE(B2:B51)`. Koma pali zinthu ziwiri zomwe zimanamiza munthu pa chiyambi pomwe. Choyamba, chizindikiro chogula chimaoneka msika utatseka kale, choncho powerengera gwiritsani ntchito mtengo wa tsiku lotsatira. Chachiwiri ndi komishoni. Tiyerekeze kuti kugula kapena kugulitsa kulikonse kumadya 1 peresenti: lamulo lokulowetsani ndi kukutulutsani katatu pa chaka ladya kale pafupifupi 6 peresenti. Mukachotsa zimenezi, yerekezani zotsalazo ndi phindu la munthu amene anangogula n'kusunga.

Msampha weniweni umabwera zotsatira zikapanda kusangalatsa. Munthu amayamba kusintha manambala: bwanji 40 ndi 180, nanga 35 ndi 150? Kompyuta sitopa. Mukaipatsa maavareji aafupi 20 ndi aatali 20, yakupangirani malamulo 400, ndipo pa 400 sipangalephere kupezeka limodzi lowala, ngakhale onsewo atakhala opanda pake. Lopambanalo mwina langodumpha kugwa kumodzi kwa msika mwangozi. Lili ngati mwana amene waloweza mayankho a mayeso a chaka chatha: mafunso akangosintha, zonse zathera pomwepo.

Akatswiri nawo anakumana nazo. Mu 1992, Brock, Lakonishok ndi LeBaron anayesa malamulo 26, ambiri a iwo a avareji yoyenda, pa mitengo ya Dow Jones ya ku Amereka kuyambira 1897 mpaka 1986, ndipo anaoneka kuti akugwira ntchito. Mu 1999, Sullivan, Timmermann ndi White anabwerezanso ntchitoyi ndi malamulo 7,846. Pa zaka zakalezo lamulo lopambana linaonekabe lamphamvu, koma pa zaka khumi zotsatira, 1987 mpaka 1996, mphamvu ija sinaonekenso.

Chitetezo choyamba ndi kubisa gawo la mitengo. Ngati muli ndi zaka 20, gwiritsani ntchito 14 zoyambirira posankha manambala, ndipo 6 zomalizazo musaziyang'ane n'komwe. Mukasankha lamulo, liyeseni kamodzi kokha pa zaka zobisikazo. Mukabwerera kukakonza manambala chifukwa choti simunakhutire, zaka 6 zija sizilinso mayeso, zasanduka mbali ya kusankha.

Chachiwiri ndi kuyang'ana manambala oyandikana. Tinene kuti 37 ndi 143 apereka 14 peresenti pa chaka, pamene 35 ndi 140 apereka 5, ndipo 40 ndi 150 apereka 6. Pamenepo palibe luso, mwangotola mwayi. Lamulo lodalirika limapereka zotsatira zofananirako mukasuntha manambala pang'ono, ndipo n'kwabwino kusankha pakati pa dera lotere ngakhale phindu lake litakhala locheperapo.

Werenganinso kuti lamulolo linagula kangati. La 50 ndi 200 limatha chaka chathunthu osapereka chizindikiro, motero pa zaka 20 mukhoza kupeza kuti linagula kakhumi kokha. Chotsani ulendo umodzi umene unapindula kwambiri. Ngati phindu lonse latha nawo, umboni wanu unali ulendo umodzi basi.

Ngakhale lamulo loyesedwa bwino lili ndi chilema chake: limachedwa, chifukwa limawerenga zakale. Mu 2020, S&P 500 inafika pansi penipeni pa 23 Malichi. Chizindikiro chogulitsa chinabwera kumapeto kwa mwezi womwewo, mitengo itayamba kale kukwera, ndipo chogulanso chinabwera mu Julayi, mitengo ili pamwamba kwambiri kuposa pomwe munthu anagulitsira. Lamuloli limathandiza msika ukamatsika pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri, monga mu 2008.

Pa msika waung'ono ngati wa ku Blantyre pali vuto linanso. Masheya ena amatha masiku osagulidwa, ndiye mtengo womwe mwalemba kuti mukanagulitsira mwina panalibe wogula tsiku limenelo. Choncho pambali pa mtengo, onaninso kuchuluka kwa masheya omwe anagulitsidwadi pa tsiku lililonse limene lamulo lanu likuti mugule kapena mugulitse.