Mchere wa ku Chilwa umaboola ngakhale chitsulo chosachita dzimbiri

ZOMBA: Anthu amene amagwiritsa ntchito ziwiya za sitenilesi padoko la Kachulu, m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa, angathe kuona timadontho tofiirira pa chitsulo chimene anagula pokhulupirira kuti sichichita dzimbiri. Nthawi zambiri wogulitsa sanawanamize. Vuto ndi mchere.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho dzuwa likamaumitsa madziwo mchere umatsalira, ndipo umachuluka kwambiri nyanjayi ikaphwa monga zidachitikira mu 1968 ndi 1995. Mijigo ina ya m'derali imatulutsanso madzi a mchere.

Sitenilesi ndi chitsulo chosakaniza ndi kiromiyamu, ndipo pa magawo 100 aliwonse, osachepera 10.5 amakhala a kiromiyamuyo. Iyeyu akakumana ndi mpweya wa okosijeni, pamwamba pa chitsulo pamapangika kachikopa kosaoneka ndi maso, kopyapyala moti tsitsi limodzi ndi lonenepa kukaposa maulendo oposa 10,000. Dzimbiri la pa khasu limafundukuka ndi kusiya chitsulo chamkati poyera, koma kachikopaka kamamatirira ndi kutsekereza madzi. Kakakalika ndi mpeni kamadzipanganso kokha, malinga ngati pamalopo pakufika mpweya.

Mumchere muli kolorayidi, yemwe amaboola kachikopaka pamalo ofooka, makamaka pamene padatsalira tizinyalala ta sufule posungunula chitsulocho kufakitale. Kadzenje kakangoyamba, mpweya wam'katimo umatha ndipo kachikopa kamalephera kubwerera. Chitsulo chimene chikusungunuka chimakoka kolorayidi wina, timadzi tam'dzenjemo timasanduka asidi, ndipo asidiyo amakumba mopitirira. N'chifukwa chake pakamwa pa dzenje pamaoneka ngati pobaya singano pamene mkati mwakula.

Titenge poto wotsala ndi timadzi ta mchere amene waiwalika padzuwa kwa masiku angapo. Madzi akauma n'kutsala gawo limodzi mwa magawo khumi, mchere wake umakhala wamphamvu kakhumi, ndipo kutentha kumafulumizitsa kudyekako. Maenje amayambira pamzere pamene madzi analekezera komanso pansi pa matope kapena zotsalira za chakudya. Ngati dontho lachoka potsuka n'kusiya posalala, linali dzimbiri lochokera ku chitsulo china. Ngati latsala kabowo kakuda kogwira nsonga ya singano, poto wadyeka.

Kolorini wothira m'madzi poteteza kolera amachitanso chimodzimodzi akasungidwa wosasungunula mokwanira m'chiwiya cha sitenilesi, choncho malo ake ndi chigubu cha pulasitiki.

Mtundu wofala wa sitenilesi, wa nambala 304, uli ndi magawo pafupifupi 18 a kiromiyamu ndi 8 a nikelo. Wa nambala 316 adauwonjezera magawo awiri kapena atatu a molibudinamu, yemwe amauthandiza kupirira mchere, ngakhale nawonso umabooka madziwo akakhala ofunda ndi osayenda. Ndi maso mitundu iwiriyi siisiyanitsika, motero makomiti ogula ndodo za mijigo ayenera kufunsa nambala ya chitsulocho asanalipire.