Makompyuta Ofanana M'chipinda cha Sukulu

Sukulu imene ili ndi ndalama zochepa imachita bwino kugula makompyuta apadesiki a mtundu umodzi, kusiyana n'kutolera osiyanasiyana. Phindu lake limaonekera pokonza. Mphunzitsi amaika mapulogalamu onse pa kompyuta imodzi, kenako amakopera zonsezo pa zinazo pogwiritsa ntchito Clonezilla, pulogalamu yaulere. Zikakhala zosiyana, iliyonse imafuna madalaiva ake, ntchito ya tsiku limodzi n'kufika sabata.

Nthawi zambiri makompyuta amene anagwirako ntchito m'maofesi, monga Dell OptiPlex kapena HP ProDesk, amaposa atsopano otsika mtengo, chifukwa ndi osavuta kutsegula ndipo zipangizo zake zimapezeka. Memore ya 8 GB ndi SSD ya 256 GB n'zokwanira polemba ndi kuwerengetsa. Chofunika kusamala ndi purosesa: Windows 11 imafuna ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025.

Ndalama zikakwana makompyuta 22, ndi bwino kuyala 20, awiriwo n'kusunga. Ina ikakana kuyaka, wokonza amachotsa bokosi la magetsi pa yosungidwayo n'kuyesa. Ikayaka, vuto lapezeka, popanda kuitana katswiri wa kutauni. Komabe dzina lofanana pa bokosi si umboni, poti ogulitsa ena amasakaniza zam'kati. Wogula atsegule zingapo n'kufananiza asanalipire.