Malipiro oyamba: kugawa ndalama mwezi usanaidye

Malipiro olembedwa m'kalata ya ntchito si ndalama imene imafika m'manja. Mtsikana wina wa ku Ndirande, atangolembedwa ntchito ya ukalaliki ku Limbe, anauzidwa kuti azilandira K300,000 pamwezi. Mwezi utatha, ku banki kunalowa K247,500 yokha. Abwana anali atachotsa K15,000 ya penshoni, poti lamulo limati wantchito azipereka K5 pa K100 iliyonse ndipo womulemba ntchito aziwonjezera K10. Ina yonseyo inapita ku msonkho umene bungwe la MRA limatolera. Tsoka lake, iye anali atalonjeza kale mayi ake chitenje ndi thumba la feteleza, akuwerengera ndalama yam'kalata ija.

Azakhali ake, omwe amachita geni ya kaunjika, anamuuza kuti asatape kalikonse asanalembe m'kope zinthu zimene sangazithawe. Lendi ya chipinda inali K60,000. Ufa, ndiwo, mafuta ophikira ndi shuga anaziikira K70,000, ndipo makala, madzi ndi mayunitsi a magetsi K20,000.

Chimene chinamudzidzimutsa ndi thiransipoti. Minibasi yopita ndi kubwera inkadya K3,000 patsiku, ndalama yooneka yochepa munthu akamaitulutsa m'chikwama m'mawa uliwonse. Atachulukitsa ndi masiku 22 ogwira ntchito, inakwana K66,000, kuposa lendi. Apa ndi pamene ambiri oyamba ntchito amagwera. Lendi amaikumbukira chifukwa mwininyumba amagogoda pachitseko, koma ya minibasi ilibe woikumbutsa, choncho imathera ku tchipisi ndi mabando a foni. Pofika pa 20 munthu alibe yokwerera, ndipo amathamangira kwa akatapila, kumene wokongola K20,000 angathe kubweza K30,000 mwezi ukatha. Malipiro achiwiri amafika ali obooka kale. Chizindikiro chakuti kagawidwe kalakwika n'chimenechi: kukongola ndalama yopitira kuntchito komweko. Mtsikanayu anapatula K66,000 ija n'kuiika payokha mu envelopu.

Zonsezi zitachoka, panatsala K31,500. Mayi ake anawatumizira K15,000 pa Mpamba, n'kuwaimbira kuwauza mosabisa kuti imeneyi ndiyo azikwanitsa mwezi ndi mwezi, ndipo feteleza adikire. Kuthandiza makolo n'koyenera ndithu, ndipo kumayenda bwino ndalamayo ikakhala yodziwika, chifukwa kumudzi amadziwa choyembekezera ndipo mwana sachita kuzemba mafoni. K10,000 anaiponya ku banki m'khonde ya amayi a kumpingo kwawo tsiku lomwelo, popeza ndalama yoti isungidwe ikadikira kutha kwa mwezi sipezekanso. K6,500 yotsala inali ya sopo ndi mayunitsi a foni.

Kagawidweka kanalibe mpata wa matenda kapena maliro, ndipo ya ku banki m'khonde sitapidwa tsiku lililonse limene munthu wafuna. Mwezi wachiwiri anayamba kutenga nsima ya masana m'kontena kuchokera kunyumba, ndipo K5,000 imene anapulumutsa anaisiya pafoni kuti ikhale ya zadzidzidzi.